Musamadule adilesi musanadziwe kukula kwa tsamba

Ana anga, inu amene mwayamba kuphunzira za m'kati mwa kompyuta, ndikufuna ndikulangizeni pa nkhani imodzi imene ambiri amaidutsa mothamanga, kenako n'kumavutika nayo zaka zambiri. Mukalemba pulogalamu n'kuiuza kuti isindikize adilesi ya nambala imene mwasunga, imakuonetsani chinthu chonga `0x00403A7C`. Mukatsegula pulogalamu ina pambali pake, nayonso ikhoza kukuonetsani adilesi yomweyo, chonsecho zimene zili pamenepo n'zosiyana, ndipo mapulogalamu awiriwo sakuonongerana kanthu. Izi zimatheka chifukwa adilesi imene pulogalamu imaona si malo enieni a m'memori. Ndi adilesi ya vechuwo, ndipo nthawi iliyonse pulogalamu ikafuna kuwerenga kapena kulemba, kachigawo ka m'pulosesa kotchedwa MMU kamaisandutsa kukhala adilesi yeniyeni. Pempho langa n'lakuti muphunzire kuchita kusandutsaku ndi manja anu, pa pepala, mpaka kukulowereni m'magazi.

Nzeruyi ndi yakale kuposa ambiri a ife. Kompyuta ya Atlas, imene gulu la Tom Kilburn linapanga pa Yunivesite ya Manchester ku Mangalande ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1962, inkagawa kale memori m'masamba a mawu 512. Makina asintha kwambiri kuchokera nthawi imeneyo, koma kadulidwe ka adilesi kakadali komweko.

Memori imene pulogalamu imaganiza kuti ili nayo imadulidwa m'zidutswa zofanana kukula, zotchedwa masamba. Memori yeniyeni nayo imadulidwa m'zidutswa za kukula komweko, zotchedwa mafulemu. Tsamba lililonse likhoza kuikidwa mu fulemu iliyonse imene ili yopanda kanthu, ndipo sisitemu yoyendetsa kompyuta imalemba m'tebulo la masamba kuti tsamba lakutilakuti lili mu fulemu yakutiyakuti. Tebulo la gawo limodzi, limene tikukambirana pano, ndi mndandanda umodzi wautali: mzere woyamba ndi wa tsamba 0, wotsatira ndi wa tsamba 1, mpaka kumapeto.

Ganizirani za wogulitsa mazira amene amawaika 30 pa thireyi iliyonse, ndipo amawerenga mazira ndi mathireyi kuyambira pa 0. Dzira la nambala 73 lili pati? Mukagawa 73 ndi 30 mupeza 2, kutsala 13. Lili pa thireyi 2, pa malo 13. Wogulitsayo akhoza kunyamula thireyi 2 n'kukaiika pa shelefu ya pamwamba kapena ya pansi, koma dziralo likhalabe pa malo 13 a thireyi yake. Chimene mufunika kufunsa ndi kumene thireyi yaikidwa basi. Adilesi nayo ili ndi mbali ziwiri zoterezi: nambala ya tsamba, imene imafunika kukaifunsa ku tebulo, ndi ofuseti, kutanthauza mtunda wochokera pa chiyambi cha tsamba, umene sufunsidwa kulikonse ndipo susintha ngakhale pang'ono. Mukagwira mfundo imeneyi mwagwira theka la nkhani yonse.

Tsopano funso loyamba, limene ndikufuna muzilifunsa musanalembe kanthu kalikonse: tsamba ndi lalikulu bwanji? Pa makompyuta ambiri amene mumagwiritsa ntchito, tsamba ndi mabaiti 4096. Pa Linux mukhoza kudzionera nokha polemba lamulo ili:

```
getconf PAGESIZE
```

Makina ambiri a Intel ndi AMD ayankha 4096, koma musaganize kuti ndi lamulo la chilengedwe, chifukwa makompyuta a Apple a pulosesa ya M1 amagwiritsa ntchito masamba a mabaiti 16384. Kukula kwa tsamba ndi kumene kumakuuzani podula adilesi. Kuti muloze baiti iliyonse mwa mabaiti 4096 mufunika mabiti 12, popeza 2 mukamuchulukitsa yekha ka 12 amakwana 4096. Choncho mabiti 12 a kumapeto, ku dzanja lamanja, ndiwo ofuseti. Ngati adilesi yonse ili ndi mabiti 32, otsala 20 a ku dzanja lamanzere ndiwo nambala ya tsamba, ndipo masamba onse angakwane 1,048,576.

Mwina mufunsa chifukwa chake kukula kwa tsamba kumakhala 512, 4096 kapena 16384, osati 1000 kapena 5000. Chifukwa chake ndi liwiro. Tsamba likanakhala la mabaiti 5000, pulosesa ikanafunika kuchita samu ya kugawa pa adilesi iliyonse, ndipo kugawa ndi ntchito yochedwa. Koma kukula kwa tsamba kukakhala 2 wochulukitsidwa yekha kangapo, kugawa kumangokhala kupatula mabiti: a kumanzere apite ku tebulo, a kumanja adutse osakhudzidwa. Palibe samu imene ikuchitika, ndi mawaya chabe amene alumikizidwa mosiyana.

Tiyeni tiitenge adilesi ija, `0x00403A7C`, tiiyendetse mpaka kumapeto. Yalembedwa m'manambala a hekisa, momwe chizindikiro chimodzi chimaimira mabiti 4. Mabiti 12 ndi zizindikiro zitatu ndendende, choncho tidula zitatu za kumapeto. Ofuseti ndi `0xA7C`, ndipo nambala ya tsamba ndi `0x00403`. M'manambala athu a masiku onse, `0xA7C` ndi 10 × 256 + 7 × 16 + 12, zomwe ndi 2684, ndipo `0x403` ndi 4 × 256 + 3, zomwe ndi 1027. Ndiye pulogalamu ikufuna baiti ya pa malo 2684 m'tsamba 1027.

Tebulo lili kuti? Nalonso lili m'memori yeniyeni, ndipo pulosesa ili ndi rejisitala yapadera yosunga adilesi ya pamene tebulo layambira. Pa mapulosesa a x86 rejisitala yogwira ntchito yotereyi ndi `CR3`. Dziwani kuti adilesi ya m'rejisitala imeneyi ndi yeniyeni, si ya vechuwo. Ikanakhala ya vechuwo, tikanafunika tebulo kuti tipeze tebulo, ndipo sitikanafika. Tinene kuti tebulo lathu layambira pa `0x00800000`, ndipo mzere uliwonse ndi wa mabaiti 4.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa koyamba. Amatenga `0x00800000` n'kuphatikiza 1027, kuiwala kuti mzere umodzi si baiti imodzi. Mzere wa tsamba 1027 uli pa mtunda wa 1027 × 4, kutanthauza mabaiti 4108, kapena `0x100C`, kuchokera pa chiyambi cha tebulo. Choncho MMU ikawerenga pa `0x0080100C`. Chizindikiro chokuuzani kuti mwalakwa n'chosavuta: ngati mizere ndi ya mabaiti 4, adilesi ya mzere iyenera kugawika ndi 4, ndiye kuti ithere ndi 0, 4, 8 kapena C. Amene waiwala kuchulukitsa apeza `0x00800403`, yothera ndi 3, ndipo nambala yokhayo ikumuuza kuti wagwera pakati pa mzere wa tsamba lina.

Onaninso kuti m'tebulomo simulembedwa nambala ya tsamba. Malo amene mzere uli ndiwo nambala ya tsamba. N'chifukwa chake MMU sifufuza mzere ndi mzere, imangochulukitsa, kuphatikiza, n'kufika pomwepo kamodzi. Ubwino wa tebulo la gawo limodzi ndi umenewu, ndipo muona posachedwa kuti vuto lake lalikulu likuchokeranso pomwepa.

Tinene kuti pa mzere umenewo tapeza `0x0001F007`. Musathamangire kunena kuti nambala yonseyi ndiyo fulemu. Popeza fulemu iliyonse imayambira pa adilesi yogawika ndi 4096, mabiti 12 a kumapeto a adilesi yake amakhala ziro nthawi zonse, ndipo amisiri anaona kuti ndi bwino kusungamo zinthu zina zofunika. M'kalembedwe ka pulosesa ya Intel 80386 ya mu 1985, kamene ndikubwereka pano, biti 0 imanena ngati tsamba lili m'memori, biti 1 imanena ngati n'kololedwa kulembamo, ndipo biti 2 imanena ngati pulogalamu wamba ingalikhudze kapena ndi la sisitemu yokha. Nambala 7 ya kumapeto ikutanthauza kuti mabiti atatu onsewa ndi 1: tsamba lilipo, n'lolembeka, ndipo pulogalamu ili ndi chilolezo. Nambala ya fulemu ndi zizindikiro zisanu za kumanzere, `0x0001F`, kapena 31.

Chatsala n'kulumikiza. Ikani nambala ya fulemu pamene panali nambala ya tsamba, ofuseti muisiye momwe inalili, ndipo mupeza `0x0001FA7C`. Mukafuna kutsimikiza ndi manambala wamba, 31 × 4096 ndi 126,976, kuphatikiza 2684 ndi 129,660. Mu chinenero cha C ntchito yonseyi ndi mizere inayi:

```c
tsamba   = adilesi >> 12;
ofuseti  = adilesi & 0xFFF;
fulemu   = tebulo[tsamba] >> 12;
yeniyeni = (fulemu << 12) | ofuseti;
```

Mukamaliza, bwererani mukayang'ane zizindikiro zitatu za kumapeto. Tinayamba ndi `A7C` ndipo tamaliza ndi `A7C`. Zikasiyana, musapitirire, palakwika penapake. Kawirikawiri cholakwa chimakhala chakuti munthu waphatikiza ofuseti ku mzere wonse osachotsa mabiti a zilolezo, n'kupeza `0x0001FA83` m'malo mwa `0x0001FA7C`. Kusiyana kwake ndi 7 yekha, 7 yemwe uja wa zilolezo, koma pulogalamu yowerenga malo olakwika ndi mabaiti 7 yasokera mofanana ndi yolakwitsa ndi mabaiti miliyoni. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito imeneyi kudekhako ndiko kuyang'ana mchira wa adilesi musanapereke yankho.

Pali msampha wina umene umakola makamaka anthu ochenjera, amene azolowera kudula zizindikiro zitatu mpaka aiwala chifukwa chake. Tiyerekeze kuti tsamba ndi la mabaiti 1024, ndipo adilesi ndi 5000, yomwe m'hekisa ndi `0x1388`. Wozolowera uja adula zitatu n'kunena kuti tsamba ndi 1. Walakwa. Tsamba la mabaiti 1024 lifuna mabiti 10, osati 12, ndipo 10 sagawika ndi 4, choncho mpeni udutsa pakati pa chizindikiro cha hekisa. Gawani 5000 ndi 1024: mupeza 4, kutsala 904. Tsamba ndi 4. Chopweteka n'chakuti pa adilesi imeneyi `0x388` ndi 904 yemweyo, ndiye ofuseti ya wolakwitsayo ioneka yolondola, iye n'kukhutira, chonsecho wapita ku mzere wolakwika wa tebulo. Mabiti a ofuseti akapanda kugawika ndi 4, lembani adilesi yonse m'mabiti, muwerenge kuchokera kumanja, kapena chitani samu ya kugawa. Musadule ndi maso.

Samalaninso ndi malire a masamba. Tinene kuti pulogalamu ikufuna kuwerenga nambala ya mabaiti 4 kuyambira pa `0x00403FFE`. Mabaiti awiri oyamba ali pa ofuseti `0xFFE` ndi `0xFFF` m'tsamba 1027, choncho ali pa `0x0001FFFE` ndi `0x0001FFFF`. Baiti yachitatu ili pa `0x00404000`, ndipo limeneli ndi tsamba 1028. Munthu wosasamala angoonjezera 1 pa adilesi yeniyeni n'kunena `0x00020000`, koma fulemu 32 imeneyo ikhoza kukhala ya pulogalamu ina. Tsamba 1028 lili ndi mzere wakewake, ndipo ngati mzerewo ukuloza fulemu 7, mabaiti awiri otsalawo ali pa `0x00007000` ndi `0x00007001`. Zoyandikana m'maso mwa pulogalamu sizikhala zoyandikana m'memori yeniyeni. Inu amene mudzalembe mapulogalamu oyendetsa zipangizo zimene zimalemba m'memori mwachindunji, mudzakumbukire zimenezi, chifukwa chipangizo mukachipatsa adilesi yeniyeni imodzi ndi utali wodutsa malire a tsamba, chikhoza kulemba pa zinthu za eni ake.

Nanga biti 0 ija ikakhala ziro? MMU siyerekeza, imaimitsa lamulo limene linali kuchitika n'kuitana sisitemu. Kumeneku ndiye kumene amati peji folti, ndipo si nthawi zonse pamene kumakhala kulakwa. Mwina tsambalo ndi la pulogalamuyo ndithu, koma linasamutsidwira pa disiki kapena silinakhudzidwepo chiyambire. Zikatero sisitemu imapeza fulemu yopanda kanthu, imaikamo tsambalo, imakonza mzere wa m'tebulo, n'kubwereza lamulo lija, pulogalamu osadziwa kuti panachitika kanthu. Koma mwina adilesiyo pulogalamu sinapatsidwe n'komwe, kapena ikufuna kulemba m'tsamba longowerenga. Pamenepo pa Linux mudzaona mawu akuti `Segmentation fault`, pulogalamu n'kufa. Masisitemu ambiri amasiya dala tsamba 0 lopanda fulemu, n'cholinga choti pulogalamu yotsatira pointa yopanda kanthu igwidwe pomwepo. Choncho mukaona pulogalamu yagwa pa adilesi yaing'ono ngati `0x00000008`, iduleni monga tachitira: tsamba 0, ofuseti 8. Nthawi zambiri zikutanthauza kuti munafuna kuwerenga chinthu chimene chili mabaiti 8 kuchokera pa pointa ya `NULL`. Kudula adilesi kwakupatsani poyambira kufufuza musanatsegule n'komwe fayilo ya pulogalamu.

Tsopano mwaona chifukwa chake mapulogalamu awiri aja sakumenyana. Iliyonse ili ndi tebulo lake. Sisitemu ikamachotsa imodzi pa pulosesa n'kuikapo inzake, imasintha adilesi ya m'rejisitala ija kuti iloze tebulo lina. Tsamba 1027 la yoyamba lili mu fulemu 31, la yachiwiri mwina lili mu fulemu 200. Pulogalamu singafike pa fulemu imene mulibe m'tebulo lake, ngakhale itayesa maadilesi onse.

Zonsezi zili ndi mtengo wake, ndipo ndikufuna muuwerengere nokha. Mtengo woyamba ndi nthawi. Kuti muwerenge baiti imodzi mwapita ku memori kawiri, koyamba kukatenga mzere wa tebulo, kachiwiri kukatenga baitiyo. Pofuna kuchepetsa zimenezi, pulosesa ili ndi kamemori kakang'ono kothamanga kwambiri kotchedwa TLB, kosunga masamba amene asandutsidwa posachedwapa pamodzi ndi mafulemu ake. Popeza mabaiti onse 4096 a tsamba limodzi amadalira mzere umodzi, pulogalamu yowerenga zinthu motsatizana imapita ku tebulo kamodzi, kwinako TLB ndiyo imayankha. Koma sisitemu ikasintha mzere wa m'tebulo iyeneranso kufufuta zakale mu TLB, apo ayi pulosesa ipitiriza kupita ku fulemu yakale.

Mtengo wachiwiri ndi malo, ndipo uwu ndi umene unagonjetsa tebulo la gawo limodzi. Tinati masamba ndi 1,048,576 ndipo mzere ndi mabaiti 4. Chulukitsani: mabaiti 4,194,304, kutanthauza mamegabaiti 4, pa pulogalamu imodzi. Pakakhala mapulogalamu 100, matebulo okha adya mamegabaiti 400. Ndipo popeza malo a mzere ndiwo nambala ya tsamba, simungachotse mizere ya pakati imene sikugwira ntchito. Pulogalamu yaing'ono imene ili ndi masamba ochepa kumayambiriro kwa maadilesi ndi ena ochepa kumapeto iyenera kukhalabe ndi tebulo lathunthu, mafulemu 1024 ondondozana, pafupifupi onse odzaza ndi mizere yonena kuti palibe kanthu.

Wina anena kuti tikulitse tsamba. Zoona, tsamba la mabaiti 65,536 litenga mabiti 16, masamba atsala 65,536, ndipo tebulo litsika kufika pa makilobaiti 256. Koma memori imaperekedwa m'masamba athunthu. Ndi masamba a mabaiti 4096, pulogalamu yofuna mabaiti 4097 imatenga masamba awiri n'kutaya 4095. Ndi tsamba la 65,536, yomweyo itaya oposa 61,000. Zimene mwapulumutsa ku tebulo mukuzitaya m'kati mwa masamba.

N'chifukwa chake 80386 sinagwiritse ntchito tebulo limodzi. Inadula mabiti 20 aja pakati, 10 ndi 10, kuti tebulo laling'ono loyamba liziloza matebulo ena, ndipo amene sakufunika asamapangidwe n'komwe. Pa makina a x86 a mabiti 64, amene ambiri amagwiritsa ntchito mabiti 48 a adilesi, tebulo limodzi likanakhala ndi mizere 68,719,476,736 ya mabaiti 8, zomwe ndi magigabaiti 512 pa pulogalamu iliyonse. Iwo ali ndi magawo anayi, a mabiti 9 lililonse. Komabe musanyoze tebulo la gawo limodzi poganiza kuti ndi zachikale. Pa gawo lililonse mwa anayiwo, MMU imachita zomwe tachita zija: kutenga adilesi yoyambira, kuchulukitsa nambala ndi kukula kwa mzere, kuwerenga mzere, kuona zilolezo. Ndipo mabiti 12 a kumapeto amadutsabe osakhudzidwa. Amene sanakhazikike pa gawo limodzi akafika pa anayi amangoloweza zithunzi za m'buku, mayeso akatha zonse n'kuuluka.

Ndiye ana anga, lero lomwe tengani pepala ndi pensulo, kompyuta muitseke kaye. Bwererani ku adilesi 5000 ija ya masamba a mabaiti 1024. Tebulo liyambire pa adilesi 2048, mizere ikhale ya mabaiti 4, ndipo tsamba limene mupeze likhale mu fulemu 7. Pezani adilesi ya mzere, kenako adilesi yeniyeni, poyamba m'manambala wamba, kenako m'mabiti. Mukapeza 2064 ndi 8072, ndipo mabiti 10 a kumapeto a 5000 ndi a 8072 akafanana, sinthani tsamba likhale la mabaiti 512 muyambirenso, osayang'ana zimene munalemba poyamba.